Momwe mungayalire funso la ikwilibiriyamu musanagwire kalikyuleta

Pa mafunso a mafosi ndi mamomenti mu Fizikisi ya MSCE, masamu ake enieni ndi opepuka. Kawirikawiri ndi kuchulukitsa, kuphatikiza, kuchotsera ndi kugawa basi, zimene mwana wa Sitandade 8 amatha. Malikisi amatayika poyala funso: fosi imodzi yaiwalika pa chojambula, mtunda wayezedwa kuchokera pamalo olakwika, makilogalamu alowa m'malo mwa manyutoni. Zikatero, ngakhale muwerengere bwino chotani, yankho lidzakhala la funso lina, osati limene mwafunsidwa. Nawu ndondomeko umene ndimafuna wophunzira aliyense autsate, osadumpha, kufikira manja atauzolowera.

Chinthu chili mu ikwilibiriyamu ngati mafosi onse ochikankha ndi kuchikoka akuthetsana, ndiponso ngati palibe chochizungulitsa chimene chikupambana chinzake. Malamulo ake ndi awiri okha. Loyamba: mafosi opita mbali imodzi afanane ndi opita mbali inayo, okwera ndi otsika, akumanja ndi akumanzere. Lachiwiri: mamomenti ozungulitsa chinthu motsata mivi ya wotchi afanane ndi ochizungulitsa mosemphana ndi mivi ya wotchi. Ntchito yonse yotsalayo ndi yokonzera malamulo awiriwa manambala oyenera.

Tiyenda ndi funso limodzi. Mmisiri akupaka laimu khoma la sitolo pa Lizulu. Wayala thabwa lotalika mamita 4, lolemera makilogalamu 30, lofanana makulidwe kuyambira kumutu mpaka kumchira, pa migolo iwiri. Mgolo A uli kumapeto enieni a kumanzere, mgolo B uli mamita 3 kuchokera pa A, choncho mita imodzi ya thabwalo yalendewera kupitirira B. Mmisiriyo ndi wa makilogalamu 60 ndipo waima mita imodzi kuchokera pa A. Tipeze fosi imene mgolo uliwonse ukukankha nayo thabwalo.

Choyamba: sankhani chinthu chimodzi

M'funsoli muli mmisiri, thabwa, migolo iwiri ndi nthaka. Simungalembe malamulo a zonsezi pakamodzi. Dzifunseni kuti ndi chinthu chiti chimene mafosi ofunsidwawo akuchikhudza. Migolo ikukankha thabwa, mmisiri wapondanso thabwa, ndiye chinthu chathu ndi thabwa. Kuyambira pano, fosi iliyonse imene sikukhudza thabwa ilibe malo pa pepala lanu. Kulemera kwa migolo sikutikhudza. Mmene nthaka ikukankhira migolo sizitikhudzanso.

Powerenga funso, dulani mzere kunsi kwa mawu amene akubisa manambala. Akati thabwa ndi yunifomu, akukuuzani kuti kulemera kwake konse mukuike pakati penipeni. Akati ndi lopepuka kapena kuti kulemera kwake musakuwerengere, ndiye kuti weiti yake ndi 0. Akati latsala pang'ono kupendama, akukuuzani kuti chimodzi mwa zolichirikiza sichikunyamulanso kanthu, ndipo tibwererako pamenepa.

Chachiwiri: jambulani, ngakhale funso labwera ndi chithunzi chake

Chithunzi cha pa pepala la mayeso chimaonetsa zinthu. Chanu chionetse mafosi. Jambulani mzere woongoka ndi rula kuimira thabwa, ukhale waukulu ndithu, pafupifupi theka la m'lifupi mwa tsamba. Musajambule mmisiri ndi chipewa chake, nthawi ndi yochepa. Pamalo pamene waima mudzangoikapo muvi.

Tsopano ikani mafosi, ndipo muwaike mwa dongosolo ili kuti pasaiwalike ina. Yambani ndi weiti ya chinthucho, chifukwa m'mafunso otere ndi yokhayo imene imagwira ntchito popanda chokhudza, ndipo n'chifukwa chake imaiwalika kuposa ina iliyonse. Thabwa lathu ndi lofanana makulidwe, ndiye muvi wake uloze pansi kuchokera pakati, mamita 2 kuchokera pa A. Mukatero yendetsani pensulo mozungulira thabwa lonse, ndipo paliponse pamene chinthu china chikulikhudza, ikanipo fosi imodzi. Pa A mgolo ukulikhudza: muvi woloza m'mwamba, utcheni RA. Pa mita imodzi mmisiri walipondapo: muvi woloza pansi. Pa B mgolo wina: muvi woloza m'mwamba, RB. Mwazungulira, mwapeza mafosi anayi, palibenso china chokhudza thabwa.

Mbali imene muvi uloze musaiganizire mwachisawawa. Chingwe kapena waya zimangokoka, sizikankha, ndiye muvi wa tenishoni uchoke pa chinthucho kutsata chingwe. Chochirikiza ngati mgolo, tebulo kapena khoma losalala chimangokankha, ndipo chimakankha molunjika kuchoka pankhope pake. Fulikishoni imagona motsata malo okhudzanawo, kulimbana ndi kumene chinthucho chikadatsetserekera.

Pali cholakwa chimodzi chimene chimagwira ophunzira anzeru amene anamvetsa bwino lamulo lachitatu la Newton. Amaganiza kuti, poti mgolo ukukankha thabwa m'mwamba, thabwanso likukankha mgolo pansi, ndiye amajambula mivi yonse iwiri pa A. N'zoona kuti mafosi awiriwo alipo, koma wachiwiriyo akugwera pa mgolo, osati pa thabwa. Mukamuika pa chojambula cha thabwa, mafosi awiriwo athetsana okhaokha ndipo RA isowa mu ikwezhoni yanu. Apa ndi pamene muonere phindu la kusankha chinthu chimodzi poyamba paja.

Chachitatu: sinthani mayunitsi pa chojambula pomwepo

Masi si fosi. Makilogalamu asanduke manyutoni musanalembe ikwezhoni iliyonse, pogwiritsa ntchito W = mg. Onani kuti pepala lakupatsani g yotani. Kawirikawiri ndi 10 N/kg, koma akalemba 9.8 tsatirani yomweyo. Ife titenga 10.

thabwa: 30 × 10 = 300 N
mmisiri: 60 × 10 = 600 N

Lembani manambalawa pambali pa mivi yake. Ngati akupatsani magalamu, agaweni kaye ndi 1000, motero magalamu 100 a mu labotale aja ndi makilogalamu 0.1, kutanthauza 1 N. Mitunda yonse ikhale ya mtundu umodzi. Mukhoza kugwira ntchito ndi masentimita mbali zonse ziwiri za ikwezhoni ndipo yankho lidzatuluka bwino, koma kusakaniza mamita ndi masentimita mu mzere umodzi kumapereka yankho lolakwika ka 100. Ine ndimalangiza mamita nthawi zonse, chifukwa akakufunsani momenti payokha, yuniti yake yozolowereka ndi N m.

Chachinayi: sankhani paivoti

Apa tikhalitsepo, chifukwa ndi pamene funso limapepuka kapena kulemera.

Ambiri amaganiza kuti paivoti ndi malo amene chinthu chimazunguliradi, monga msomali wa pakati pa sikelo. Ndiye akaona thabwa lili pa migolo iwiri amasowa pogwira, poti palibe msomali. Koma chinthu chimene chili mu ikwilibiriyamu sichikuzungulira pena paliponse, choncho lamulo la mamomenti ndi loona pa malo aliwonse amene mungasankhe: pa A, pa B, pakati, ngakhale pamapazi a mmisiri. Kusankha n'kwanu.

Sankhani pamene pali fosi yosadziwika imene simukuifuna pakali pano. Momenti ndi fosi kuchulukitsa ndi mtunda wake kuchokera pa paivoti. Fosi imene ikudutsa pa paivoti pomwepo mtunda wake ndi 0, ndiye momenti yake ndi 0, ndipo siilowa n'komwe mu ikwezhoni. Ndi chimodzimodzi kukankha chitseko pa hinji penipeni: muthe mphamvu zonse, sichitseguka. Ife tili ndi zosadziwika ziwiri, RA ndi RB. Tikaika paivoti pa A, RA yachoka, tatsala ndi RB yokha. Tikadaika pakati pa thabwa, zonse ziwiri zikadatsalamo ndipo tikadafunika kusula maikwezhoni awiri pamodzi. Yankho likadatuluka lomwelo, koma patatha mphindi zambiri ndi mpata waukulu wolakwitsa.

Mukasankha, ikani kadontho kakakulu pa chojambula ndipo lembani m'mawu kuti mukutenga mamomenti pa A. Wochonga asachite kulota kumene mukuyezera.

Chachisanu: yezani mtunda uliwonse kuchokera pa paivotiyo

Kunsi kwa chojambula, kokani mizere kuchokera pa paivoti kufika pa muvi uliwonse ndi kulembapo mtunda. Kuchokera pa A: mmisiri ali pa 1 m, weiti ya thabwa ili pa 2 m, RB ili pa 3 m. Onetsetsani kuti RB ili pa 3, osati pa 4. Diso limathamangira kuika mgolo wachiwiri kumapeto a thabwa chifukwa mafunso ambiri amatero, koma lino silinatero.

Funso silikupatsani nthawi zonse mitunda yoyezedwa kuchokera pamene inu mwasankha. Likhoza kunena kuti katundu ali 0.5 m kuchokera kumapeto a kumanja, inu paivoti yanu ili kumanzere, ndiye muchotsere nokha. Pa mafunso a rula ya mita imodzi msampha wake ndi womwewu. Rula itakhazikika pa 50 cm, katundu n'kupachikidwa pa chizindikiro cha 20 cm, mtunda wake ndi 30 cm, osati 20. Nambala yolembedwa pa rula ndi malo chabe, mtunda mumaupeza pochotsera.

Kenako pa fosi iliyonse dziwani kumene ikuzungulitsira. Njira yosalephera ndi iyi: gonekani cholembera patebulo ngati thabwa, chipanikizeni ndi chala pamalo a paivoti, ndipo chikankheni ndi chala china kumene muvi ukuloza. Ndi paivoti pa A kumanzere, 600 N ndi 300 N zikutsitsa mbali ya kumanja, kumeneko ndi kutsata mivi ya wotchi. RB ikukweza mbali ya kumanja, kusemphana ndi wotchi. Musaloweze kuti fosi yoloza pansi imatsata wotchi nthawi zonse. Ikakhala kumanzere kwa paivoti imazungulitsa mosemphana.

Chachisanu ndi chimodzi: lembani lamulo, kenako manambala

Lembani kaye lamulolo m'mawu kapena m'zilembo, manambala abwere pa mzere wotsatira. Mukalakwitsa pochulukitsa, wochonga aonabe kuti njira munaidziwa.

mamomenti otsata wotchi = mamomenti osemphana ndi wotchi
(600 × 1) + (300 × 2) = RB × 3
1200 = 3RB
RB = 400 N

Tsopano lamulo la mafosi, okwera ndi otsika:

RA + RB = 600 + 300
RA + 400 = 900
RA = 500 N

Musanayambe kusula, werengani zosadziwika zanu. Pa funso la mafosi ogona pa pepala limodzi ngati ili, muli ndi maikwezhoni atatu okha odziimira paokha: la okwera ndi otsika, la akumanja ndi akumanzere, ndi la mamomenti. Mukapeza kuti zosadziwika ndi zinayi, musalimbane nazo. Bwererani ku funso, pali mawu amene simunawagwiritse ntchito.

Chachisanu ndi chiwiri: yesani yankho

Kuyesa kumatenga nthawi yosakwana mphindi imodzi. Tengani mamomenti pa malo ena amene simunawagwiritse ntchito. Pa B: RA ili 3 m kuchokera pa B ndipo ikukweza mbali ya kumanzere, momenti yake ndi 500 × 3 = 1500 N m motsata wotchi. Mmisiri ali 2 m kuchokera pa B, weiti ya thabwa ili 1 m kuchokera pa B, ndipo (600 × 2) + (300 × 1) = 1500 N m mosemphana ndi wotchi. Zafanana. Kungophatikiza 500 ndi 400 n'kupeza 900 si kuyesa ayi, chifukwa 500 uja munamupeza pochotsera pa 900 yemweyo, ndiye zidzagwirizanabe ngakhale RB itakhala yolakwika.

Yang'ananinso yankho ndi nzeru za tsiku ndi tsiku. Mmisiri, amene ndiye katundu wamkulu, ali pafupi ndi A, choncho n'zomveka kuti A wanyamula zambiri. Aliyense amene ananyamulapo thumba la mbatatesi pa mtengo ndi mnzake amadziwa kuti thumba likasendera kwa iwe, phewa lako ndilo limamva. Mukapeza kuti mgolo umodzi ukukankha ndi 4000 N pamene katundu yense ndi 900 N ndipo mmisiri ali pakati pa migolo iwiriyo, penapake mayunitsi asokonekera.

Koma dziwani malire a kuyesaku. Mukaiwala weiti ya thabwa pa chojambula, mupeza RB = 200 N ndi RA = 400 N, ndipo mukayesa pa B ndi chojambula chomwecho zigwirizana bwinobwino, 1200 mbali zonse. Kuyesa kumagwira zolakwa za masamu, sikugwira fosi imene simunajambule. Ndiye poyesa, werenganinso funso ndi kuona ngati nambala iliyonse imene munapatsidwa yafika pa chojambula. Makilogalamu 30 aja akatsala osagwiritsidwa ntchito, dziwani kuti pali muvi wosowa.

Funso likapitirira: thabwa lipendama liti?

Gawo lachiwiri la funso lotere limakonda kufunsa kuti mmisiri angayende mtunda wotani kupitirira B thabwa lisanapendame. Jambulani chojambula chatsopano, musafufute chakale. Mmisiri akamasendera kumanja, mgolo A umapepukidwa pang'onopang'ono. Pa nthawi imene thabwa latsala pang'ono kupendama, langokhudza A osaupanikiza, ndiye RA = 0. Imeneyi ndi nambala yobisika m'mawu ija. Yosadziwika imene sitikuifuna tsopano ndi RB, choncho paivoti ipite pa B. Mmisiri ali mtunda x kumanja kwa B, weiti ya thabwa ili 1 m kumanzere kwa B.

600 × x = 300 × 1
x = 0.5 m

Theka la mita basi. Tiyerekeze kuti funso lamuimika kumapeto enieni, 1 m kupitirira B, n'kufunsa RA. Mamomenti pa B apereka (RA × 3) + (600 × 1) = 300 × 1, ndipo RA ituluka −100 N. Musafufute chizindikiro chochotseracho poganiza kuti mwalakwitsa. Chikukuuzani kuti fosi yofunika pa A ndi yoloza pansi, mosiyana ndi mmene munajambulira. Mgolo sungakokere thabwa pansi, ndiye tanthauzo lake n'lakuti thabwa lipendama pokhapokha wina alimangirire kapena alitsindire pa A ndi 100 N. Lembani zimenezo m'mawu.

Fosi ikabwera chopendama

Ndondomeko ndi womwewo, koma pakati pa kusintha mayunitsi ndi kusankha paivoti pamalowa ntchito ina: fosi yopendama muigawe pawiri, gawo loimirira ndi gawo logona. Fosi T ikapanga engo θ ndi mzere wogona, gawo logona ndi T cos θ, loimirira ndi T sin θ. Gawo logundana ndi engo ndilo limatenga cos. Akakupatsani engo yoyezedwa kuchokera ku khoma, ziwirizi zimasinthana, ndiye yang'anitsitsani pamene engoyo yalembedwa. Onaninso kuti kalikyuleta ikuonetsa D kapena DEG. Dinani sin 30, ikapereka 0.5 ndiye kuti ili bwino.

Taganizani chikwangwani cha telala pa Dedza boma. Chitsulo chofanana makulidwe, chotalika 2 m, cholemera 40 N, chalumikizidwa ku khoma ndi hinji ndipo chagona choongoka. Kumapeto kwake kwapachikidwa chikwangwani cha 60 N, ndipo waya wochokera kumapeto komweko wakwera kukamangidwa ku khoma, kupanga madigiri 30 ndi chitsulocho. Chinthu chathu ndi chitsulo. Weiti yake 40 N ili pa 1 m. Zochikhudza ndi chikwangwani, waya ndi hinji. Hinji ndi yovuta chifukwa sitidziwa kukula kwa fosi yake ngakhale kumene ikuloza, ndiye timaijambula ngati mivi iwiri, H yogona ndi V yoimirira. Zosadziwika ndi zitatu, T, H ndi V, ndipo ziwiri zili pamalo amodzi. Paivoti ipite pa hinji, zonse ziwiri zichoke nthawi imodzi.

Gawo logona la tenishoni, T cos 30°, likutsata chitsulo kulunjika pa hinji pomwepo, ndiye lilibe momenti. Lozungulitsa ndi loimirira lokha.

T sin 30° × 2 = (40 × 1) + (60 × 2)
T × 0.5 × 2 = 160
T = 160 N

Amene amalemba T × 2 amapeza 80 N, theka la yankho loona, chifukwa aiwala kuti mtunda wa mu momenti uyenera kukumana ndi fosi pa madigiri 90. Zotsalazo n'zachangu. Akumanja ndi akumanzere: H = 160 cos 30°, pafupifupi 139 N, hinji ikukankha chitsulo kuchoka ku khoma. Okwera ndi otsika: V + 160 sin 30° = 100, ndiye V = 20 N.

Apa musadabwe kuti tenishoni ya 160 N yaposa katundu yense wa 100 N. Waya wopendama amawononga mphamvu zambiri pokokera chitsulo ku khoma, ndipo gawo lochepa lokha ndilo limanyamula. Engo ikamachepa, tenishoni imakula.

Pomaliza pali mafunso amene mafosi onse amakumana pa kadontho kamodzi, monga bulangete lonyowa la 30 N lopachikidwa pakati pa chingwe choyanikira, mbali iliyonse ya chingwe itatsika madigiri 10 kuchokera pa mzere wogona. Chinthu chosankha ndi kadontho pamene bulangete lakoka chingwe. Mafosi onse atatu akudutsa pamenepo, mamomenti onse ndi 0, ndiye za paivoti ndi mitunda zidumpheni. Magawo ogona a mbali ziwiri za chingwe athetsana okha poti engo n'zofanana. Otsala ndi oimirira: 2T sin 10° = 30, ndipo T ndi pafupifupi 86 N. Ngati engo za mbali ziwirizo zasiyana, matenishoni asiyananso, ndiye apatseni mayina awiri, T1 ndi T2, mulembe ikwezhoni ya mafosi ogona ndi ya oimirira, n'kuzisula pamodzi.